Chithunzi chimodzi chinazulitsa matimati 30 a amayi

Uthenga unafika Lachisanu madzulo, ndili m'laibulale kukonzekera mayeso. Mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira foni ya pakhomo kwathu ku Ntcheu, anatumiza chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa: "Achimwene, amayi akuti muone matimatiwa. Akuti inu ndi amene mukuphunzira zaulimi."

Pachithunzipo panali nsonga ya tomato mmodzi, yojambulidwa pafupi kwambiri. Timasamba tinali tating'ono, topindika m'mbali ngati chipande, tina topotana. Sindinatenge ngakhale mphindi imodzi. Sabata yomweyo tinali titangophunzira za vayirasi yopinda masamba a matimati, imene imafalitsidwa ndi ntchentche zoyera, ndipo zithunzi za m'kalasi zinali zidakali m'maso mwanga. Ndinayankha molimba mtima ngati dokotala wa zaka zambiri: "Ndi vayirasi. Alibe mankhwala. Auzeni azule onse odwala asanapatsire anzawo."

Loweruka m'mawa amayi anatsikira kudimba n'kuzula mzere woyamba wonse, matimati 30 amene anali atangoyamba maluwa. Anasiyira pomwepo chifukwa dzuwa linakula, komanso, monga anandiuza pambuyo pake, mtima unawawawa. Anati apitiriza Lolemba. Dimbalo lili ndi mizere 10, mzere uliwonse matimati 30, ndipo ndalama za matimati amenewo, akakagulitsidwa ku Lizulu, ndi zomwe zimandilipirira nyumba kuno kusukulu.

Lamulungu ndinaonetsa chithunzi chija mnzanga wina wa m'kalasi, mtsikana wochokera ku Balaka kumene makolo ake amalima thonje. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira. Iye anachikulitsa ndi zala, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa: "Nanga chikasu chili kuti?" Ndinayang'ananso. Timasamba tinali tobiriwira bii. Anafunsanso: "Pafupi ndi dimbalo pali amene wapopera mankhwala opha udzu?" Kwawo, anatero, thonje likangonunkhiza mankhwala a 2,4-D masamba ake amatuluka oonda, otalika ngati zala, ndipo mitsempha ya pachithunzi changa inkamukumbutsa zimenezo.

Ndinaimba foni usiku womwewo. "Amayi, musazulenso kaye. Ndikupempha mundidikire."

"Iwe, dzana unati ndizule, lero ukuti ndisazule. Sukuluyo ikukuphunzitsa ziti?"

Ndinalibe choyankha. Zimene ndikulemba panozi ndi zomwe ndinaphunzira m'masabata atatu otsatira, ndipo mfundo yanga ndi imodzi: chithunzi cha tsamba limodzi sichingasiyanitse mankhwala opha udzu obwera ndi mphepo ndi matenda a vayirasi. Amene akuyankha atangoona tsamba limodzi, kaya ndi wophunzira ngati ine, kaya ndi wogulitsa mankhwala pamsika, akungolota.

Chifukwa chake n'chakuti zinthu ziwirizi zimagunda malo amodzi. Mbewu imakulira kunsonga, kumene timasamba tatsopano tikupangidwa. Mbewu iliyonse imadzipangira mankhwala ake olamulira kakulidwe, otchedwa okisini, ndipo imawapanga pang'ono kwambiri. Mankhwala a 2,4-D, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ndi okisini wopangidwa kufakitale amene mbewu ya masamba otambalala imalephera kumuthetsa msanga m'thupi mwake. Akalowa, mbali zina za mbewu zimakula mothamanga kuposa zinzake, ndiye tsinde limakhota, tsamba limapotana. Chimanga ndi maudzu ena amtundu wake zimapirira, n'chifukwa chake alimi amawapopera m'chimanga kuti aphe chisoso ndi bonongwe. Koma tomato, thonje, nyemba ndi therere sizipirira. Kwa tomato, ngakhale kankhungu kamene munthu sangakaone ndi maso n'kokwanira kupotoza masamba.

Vayirasi nayo imathamangira kunsonga komweko. Ikalowa kudzera m'kamwa mwa kachilombo koyamwa madzi a mbewu, imachulukana n'kusokoneza timasamba tomwe tikungopangidwa. Zotsatira zake, poyang'ana tsamba limodzi, n'zofanana: laling'ono, lopindika, lopunduka. Kuti usiyanitse uyenera kuchoka pa tsambalo n'kubwerera m'mbuyo. Ndinapempha mlongo wanga kuti ajambule zithunzi zisanu, ndipo ndizifotokoza mu ndondomeko yomwe zinandithandizira.

Choyamba chinali cha dimba lonse. Ndinamuuza kuti aime pachulu cha kumapeto, ajambule mizere yonse kuphatikiza minda yoyandikana nayo. Chithunzi chimenechi chokha chinanena zambiri kuposa tsamba lija. Kum'mawa kwa dimba lathu, kutsidya kwa ngalande, kuli dimba la chimanga cha atsibweni ena a m'mudzi, achibale a malemu bambo. Mzere umene amayi anazula ndi womwe unali m'mphepete mwa ngalandeyo. Mizere yotsatira inkaoneka yonyentchera, koma kuyenda chakumadzulo matimati ankanka nakongola.

Maso amanama, choncho ndinamupempha kuti awerenge. Anayenda mzere ndi mzere ndi kope. Mzere wachiwiri, matimati onse 30 opotana. Wachitatu, 30. Wachinayi, 24. Wachisanu, 13, ndipo opotanawo anali opotana pang'ono. Wachisanu ndi chimodzi, 5. Mizere inayi yomaliza, matimati 7 okha mwa 120, omwazikana uku ndi uku.

Manambala otsika chonchi, kuchokera kumbali imodzi kupita kwina, ndi mayendedwe a chinthu chimene chinabwera kamodzi ndi mphepo n'kumachepa mphamvu pamene chikulowa m'munda. Vayirasi siyenda motero kawirikawiri. Kachilombo kamatera pa mbewu iyi, kudumpha zisanu, n'kutera pa ina. Umapeza tomato wodwala atazunguliridwa ndi anzake athanzi, kenako timagulu ta awiri kapena atatu, ndipo chiwerengero chimakwera sabata ndi sabata. Apa pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Ntchentche zoyera nazonso zimatha kulowera m'mphepete mwa munda, makamaka ngati pafupi pali matimati akale osiyidwa osazula, ndiye vayirasi imathanso kuchuluka mbali imodzi. Koma ngakhale zitatero, siigwira mbewu 30 mwa 30 sabata imodzi mofanana ngati zadulidwa ndi lumo limodzi. Pamakhala ina yodwala kwambiri, ina yongoyamba, ina yosakhudzidwa n'komwe.

Chithunzi chachiwiri chinali cha zomera zomwe si matimati. Mlongo wanga anadabwa: "Achimwene, ndijambule chisoso? Chadwala ndi tomato." Koma chisosocho ndiye chinali mboni yeniyeni. M'mphepete mwa ngalande, chisoso chinali ndi mitu yokhota ngati ndodo ya nkhalamba. Bonongwe anali chimodzimodzi. Therere limene amayi anabzala pakona ya kum'mawa linali ndi masamba atsopano oonda, ndipo nsonga za nkhwani woyanga pamzere wa malire zinali zopindika. Kapinga ndi maudzu ena omera pakati pa zonsezi anali obiriwira ngati palibe chachitika. Chisoso cha kumadzulo kwa dimba chinali chowongoka.

Vayirasi iliyonse ili ndi mbewu zimene imagwira ndi zimene siigwira. Zina zimagwira mitundu yambiri, moti kuona mbewu ziwiri zosiyana zikudwala si umboni wokwanira. Koma tomato, chisoso, bonongwe, therere ndi dzungu ndi mabanja asanu osiyana. Kuti zonsezi zipotane nthawi imodzi, mbali imodzi ya munda, udzu wokha n'kupulumuka, imeneyo ndi ntchito ya mankhwala amene anapangidwira kupha zamasamba otambalala n'kusiya udzu. Ndikanafunsa chithunzi chimenechi Lachisanu lija, mzere woyamba ukanakhalapobe.

Chachitatu chinali cha mbewu imodzi yonse, kuyambira pansi mpaka kunsonga, osati nsonga yokha. Pa matimati a mzere wachiwiri, masamba akale a m'munsi anali aakulu bwino, koma timapesi tawo tinali titapindikira pansi n'kupotoka, ngati mkono wopindidwa chagada. Tsinde linali lokhota chakumtunda, ndipo pena linali ndi timatuza toyera tondondozana, timene ndi mizu yofuna kutuluka pamalo osayenera. Masamba opunduka anali pamsinkhu umodzi pa mbewu zonse, ngati munthu wakoka chingwe. Amenewo ndi masamba omwe anali akungopangidwa tsiku limene mankhwala anafika. Mbewuyo sinali yofupika kwenikweni, ndipo mpata wa pakati pa mfundo ndi mfundo unali wabwinobwino.

Kenako anajambula mmodzi mwa matimati 7 a kumadzulo aja, ndipo apa nkhani inasintha. Ameneyu anali wamfupi poyerekeza ndi oyandikana naye, mwina theka la msinkhu wawo. Mfundo zinali zothithikana, nthambi zitaima njo, nsonga yonse yaunjikana ngati kamtolo. Timapesi sitinali topotoka ndipo tsinde linalibe timatuza. Mlongo wanga anati maluwa ake anali atayoyoka. Uku ndi kupinimbira, ndipo kupinimbira kotere, kwa mbewu imodzi pakati pa zathanzi, ndi chizindikiro cha vayirasi.

Chachinayi ndiye chinali cha tsamba pafupi, chofanana ndi chija chinandipusitsa, koma chojambulidwa mwanzeru. Ndinamuuza kuti athothole masamba atatu a msinkhu umodzi: limodzi la mzere wachiwiri, limodzi la kagulu ka 7 kaja, limodzi la tomato wathanzi. Awayale pa pepala loyera la m'kope, pamthunzi, aike ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Mthunziwo ndi wofunika. Dzuwa la masana limanyezimira patsamba n'kubisa mawanga, ndipo foni zambiri zimadzikonzera zokha mitundu kuti chithunzi chikongole, moti tsamba lotuwa limatuluka lobiriwira, kapena lobiriwira limatuluka lachikasu. Chithunzi chikamatumizidwa chimafinyidwanso kuti chipepuke, ndipo timawanga tosaonekera bwino timafufutika. Tsamba lathanzi likakhala m'chithunzi chomwecho, cholakwika cha foni chimagwera onse atatu mofanana, ndiye kusiyana kumene watsala nako n'kwenikweni.

Atayalidwa chonchi, masamba awiri odwalawo sankafanana n'komwe. La mzere wachiwiri linali lobiriwira, lokhuthala, timasamba take toonda ndi tosongoka kunsonga. Mitsempha yake inali yotupa, yoyererako, ndipo m'malo motambasuka ngati nthambi za mtengo, inkayenda moyandikana chakutsogolo ngati mitsempha ya tsamba la chimanga. Ichi n'chimene mnzanga wa ku Balaka anaona. La kagulu ka 7 linali ndi timasamba tating'ono tozungulirako, topindikira m'mwamba ngati supuni, tokwinyika, m'mbali mwake ndi pakati pa mitsempha muli chikasu choonekeratu. Mitsempha inali pamalo pake, yongofupika. Ameneyu ndiye mwini dzina la vayirasi yopinda masamba ndi kuwachita chikasu, imene pofufuza pa intaneti mungaipeze polemba TYLCV. Kuno kummwera kwa Africa kulinso abale ake ena oyenda ndi ntchentche zoyera zomwezo, amene zizindikiro zawo maso sangazisiyanitse, koma kwa mlimi chochita n'chimodzi.

Ndisakunamizeni kuti tsamba loonda nthawi zonse ndi mankhwala. Pali vayirasi ina, CMV, yodziwika ndi mawanga pa nkhaka, imene imafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Ikagwira tomato imatha kuondetsa timasamba mpaka kutsala ngati zingwe za nsapato, ndipo pachithunzi cha pafupi imafanana kwambiri ndi 2,4-D kuposa vayirasi ina iliyonse. Poisiyanitsa timayang'ana mawangamawanga obiriwira kwambiri ndi otuwa pa masamba ena a mbewu yomweyo, timayang'ana ngati timapesi ndi tsinde zapotoka, ndipo koposa zonse timabwerera ku chithunzi choyamba ndi chachiwiri. N'chifukwa chake ndikuti chithunzi cha tsamba chizibwera chachinayi, osati choyamba. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chachisanu chinali cha kunsi kwa tsamba, chojambulidwa m'mawa tizilombo tisanayambe kuuluka. Pa matimati a kumadzulo panali ntchentche zoyera zingapo, tizilombo tating'ono ngati fumbi la ufa timene timauluka ukagwedeza mbewu. Pa mzere wachiwiri zinaliponso. Izi zinandiphunzitsa kusakhulupirira kwambiri chithunzi chimenechi. Mu Okutobala, nyengo yotentha ndi youma, ntchentche zoyera zimapezeka pafupifupi m'dimba lililonse la matimati. Kuzipeza sikutanthauza kuti kupotana konse ndi vayirasi, ndipo kusazipeza sikutanthauza kuti vayirasi palibe, chifukwa zizindikiro zimaoneka patatha masabata awiri kapena atatu mbewu italumidwa, ndipo mwina inalumidwira kunazale isanawokeredwe n'komwe. Chithunzichi chimangothandiza kudziwa ngati pali chonyamula matenda chimene chiyenera kuthana nacho.

Zithunzi zili ndi malire, ndipo chimene sizinganene ndi masiku. Apo ndinafunika amayi eniake. Nditawafunsa modekha, anakumbukira kuti atsibweni aja anapopera chimanga chawo Lachiwiri la sabata yapitayo, chamasana, kukuwomba mphepo yochokera kum'mawa, ndipo fungo linafika mpaka pachitsime. Lachitatu ndi Lachinayi anaona matimati a m'mphepete ataweramitsa masamba, koma anaganiza kuti ndi dzuwa, anangowonjezera madzi. Timasamba topunduka tinaoneka patapita sabata ndi masiku angapo. Ndondomeko yake ndi yomweyo: 2,4-D amapotoza timapesi ndi tsinde m'tsiku limodzi kapena awiri, koma masamba oonda amadikira kuti nsonga itulutse zatsopano. Chithunzi chimene ndinalandira chinajambulidwa patapita masiku 10, ndipo chinangondionetsa gawo lachiwiri la nkhaniyo.

Ndinawafunsanso funso lina lomwe silinawasangalatse: sipuleya imene anapoperera mankhwala a tizilombo inali ya ndani? M'midzi mwathu sipuleya imayenda khomo ndi khomo, ndipo 2,4-D amamatirira m'thanki ndi m'paipi moti kutsukuluza ndi madzi kamodzi sikumuchotsa. Matimati ambiri amapotozedwa ndi sipuleya yobwereka, eni ake n'kumaloza chala kwa oyandikana nawo. Koma zikanakhala choncho, mizere yonse imene inapoperedwa ikanakhudzidwa, ndipo chisoso cha kutsidya kwa malire, komwe amayi sanapopereko, chikanakhala chowongoka. Amayi anati sipuleya ndi yawo, sinatulukepo pakhomo, ndipo sinalowepo mankhwala a udzu. Funsoli liyenera kufunsidwa munthu asanatsegule pakamwa kunena mnzake.

Panalinso chinthu chachitatu chomwe chimasokoneza anthu, ndipo chinalipo m'dimba lathu. Matimati ambiri athanzi anali ndi masamba a m'munsi opindikira m'mwamba m'litali mwake ngati ndudu yopichira. Awa si matenda ndipo si mankhwala. Tomato amatero kukatentha, madzi akamabwera modukizadukiza, kapena akaphatidwa nthambi zambiri nthawi imodzi. Masamba ake amakhala akale, athunthu kukula kwake, obiriwira, ndipo ukawatambasula ndi chala amaoneka abwinobwino. Nsonga imakhala yathanzi. Lamulo losavuta ndi ili: kupindika kwa masamba a m'munsi okha sikodetsa nkhawa kwenikweni, koma kupunduka kwa masamba a kunsonga kumafuna kufufuza.

Tsono tinali ndi mayankho awiri m'dimba limodzi, ndipo chochita chinali chosiyana kotheratu. Matimati 7 aja anafunika kuzulidwa, chifukwa vayirasi ikalowa siituluka, ndipo mbewu yodwala imasanduka chitsime chimene ntchentche zoyera zimatungapo matenda. Ndinauza mlongo wanga kuti ayambe waphimba mbewuyo ndi thumba asanaizule, kuti tizilombo tili pamenepo tisabalalikire pa zinzake, kenako akaikwirire kutali ndi dimba. Matimati 102 opotana a kum'mawa sanafunike kuzulidwa, chifukwa kupotana kwa mankhwala sikupatsirana. Palibenso mankhwala ogula amene angawongole tsamba lopotoka kale. Chimene anafunika ndi madzi okwanira pa nthawi yake, kusawaphata nthambi, kusawathira feteleza wowonjezera poganiza kuti awadzutse, ndi kudikira.

Kudikirako kunabala chithunzi chachisanu ndi chimodzi, chomwe sindinachiwerengere poyamba koma ndicho chimaweruza mlandu. Tinamanga kansalu pa matimati asanu a m'mizere yosiyana, ndipo mlongo wanga ankawajambula Loweruka lililonse ataima malo amodzimodzi. Mankhwala obwera ndi mphepo amabwera kamodzi, ndiye ngati anali ochepa, masamba otuluka pambuyo pake amanka nawongoka, opunduka aja n'kutsalira pakati ngati chipsera. Vayirasi imakhala m'kati mwa mbewu, ndiye tsamba lililonse latsopano limatuluka lodwala, ndipo mbewu zatsopano zimanka nizigwidwa. Pofika sabata yachitatu, mzere wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi unali ndi nsonga zabwino. Wachitatu unkachira pang'onopang'ono. Wachiwiri unatsalira kwambiri, ndipo matimati ena a mmenemo sanabwererenso. Kumadzulo kunatuluka matimati ena 4 achikasu opinimbira, ndipo tinawazula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona mochedwa ndi mzere umodzi.

Kuchira kwa masamba sikunabweze zonse. Maluwa oyamba a mizere ya kum'mawa ambiri anayoyoka, ndipo zipatso zochepa zomwe zinagwira zinali zosongoka kumunsi, zina zopanda njere zokwanira. Amayi sanazitengere kumsika ndipo sitinazidye, chifukwa mankhwalawa sanapangidwire tomato, ndiye pabotolo palibe masiku olembedwa oti munthu adikire asanakolole. Mizere imeneyo inayamba kubereka bwino mochedwa kuposa inzake.

Chinatsala ndi nkhani ya atsibweni. Mlongo wanga, mwaukali wa chitsikana, ankafuna kuti zithunzi zipite kwa amfumu. Ine ndinakana, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa ndinali nditangophunzira kumene malire a chithunzi. Zithunzi zathu zinkaonetsa mtundu wa mankhwala ndi mbali imene anachokera. Sizinkatchula dzina la botolo, chifukwa mankhwala ena a m'gulu lomweli amapotoza masamba mofananamo, ndipo umboni wosatsutsika umafuna kuyeza masamba kulabotale, msanga mankhwala asanathe m'mbewu. Ndi mmenenso zilili ndi vayirasi: dzina lake lenileni limatsimikizidwa ndi akatswiri a kumalo a kafukufuku ngati Chitedze kapena Bvumbwe, kudzera kwa alangizi, osati ndi foni.

Amayi anachita mwanjira yawo. Anawaitana atsibweniwo m'mawa wina, osati kudzaona matimati, koma chisoso cha m'mbali mwa ngalande. Anayenda nawo kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo osanena zambiri. Akuti bamboyo anaima nthawi yaitali, kenako anati, "Mlamu, sindinadziwe kuti amauluka chonchi. Anandiuza kuti amangopha udzu." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Botolo analigula pamsika, malangizo ake ali m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono.

Nditapita kumudzi patchuthi ndinakacheza nawo, ndipo tinagwirizana zinthu zochepa. Asamapopere masana kukutentha ndiponso mphepo ikuloza kumasamba a anthu. Asanayambe azikoleza kamoto n'kuona utsi: ukamapita kudimba la matimati, asiye, ukangoyandama chafufumimba pafupi ndi nthaka osakwera, monga zimachitikira m'madambo m'bandakucha, asiyenso, chifukwa timadontho timayandama chimodzimodzi n'kukatera kutali. Nthawi yabwino ndi ya kamphepo kayaziyazi kochoka kumasamba kupita kwina. Asamapope sipuleya mwamphamvu mpaka kutulutsa nkhungu, ndipo kamwa yake izikhala pafupi ndi udzu, chifukwa madontho akuluakulu amagwa pomwepo pamene ang'onoang'ono amauluka. Pogula aziyang'ana mtundu: 2,4-D wa amini sauluka ngati nthunzi mofanana ndi wa esita, amene kukatentha amatha kunyamuka pamasamba ngakhale atapoperedwa kale. Ndipo mizere yoyandikana ndi ngalande azingoipalira ndi khasu.

Ena mwa anzanga amati ndikukokomeza. Akuti mlimi akatumiza chithunzi amafuna yankho lero, ndipo ukamuuza kuti atumize zina zisanu amapita kwa wogulitsa mankhwala amene samufunsa kanthu. Mfundo yawo ndi yomveka, makamaka pa vayirasi, pamene kuchedwa kuzula kumapatsa matenda mpata. Koma zithunzi zisanu zija zinatenga mlongo wanga m'mawa umodzi wokha. Vayirasi imene yakhala m'mbewu masabata awiri isanaoneke siipambana nkhondo chifukwa cha tsiku limodzi lowonjezera. Koma tomato wozulidwa sabzalidwanso. Pakati pa zolakwa ziwirizi, chimodzi chimakonzeka, china ayi. Ndikanapitiriza ndi yankho langa loyamba, amayi akanazula matimati ena 102 omwe ambiri mwa iwo anadzabereka, ndipo akanagula mankhwala a tizilombo kukapopera vuto lomwe silinabwere ndi tizilombo. Ndikanalakwira mbali inayo, n'kunena kuti zonse ndi mankhwala a atsibweni, matimati 7 aja akanatsala n'kumadwalitsa mizere yomwe mphepo inaisiya.

Masiku ano anthu a kumudzi akanditumizira tsamba, ndimayankha ndi mafunso: ndioneni munda wonse, ndioneni chisoso, ndioneni mbewu kuyambira pansi, munaziona liti, ndani wapopera chiyani. Ena amakhumudwa, amati mwana wa kuyunivesite sadziwa kanthu. Amayi okha ndi amene sadandaula. Mwezi watha anatumiza okha zithunzi za nyemba zawo, zisanu ndendende, choyamba atajambulira pachulu. Pansi pake mlongo wanga analemba kuti: "Akuti muyang'ane bwinobwino. Akuti khasu alisiya m'nyumba mpaka Lolemba."